Botolo la Marandi 60 Likafika ku Lundazi

Pali masamu amene aliyense wa ife amachita akangoona mtengo wa mafuta odzola a ku Joni. Botolo la marandi 60, kwathu lingagulidwe K170. Ukachotsera, mutu umakuuza kuti pa botolo lililonse watola K110, ndipo usiku womwewo umayamba kuwerenga malata a nyumba ya amai. Masamu amenewa ndi okoma, koma ndalama zake sizifika m'thumba la munthu. Pakati pa shelefu ya ku Johannesburg ndi dzanja la mphunzitsi wa ku Lundazi pali msewu wautali, pali malire a dziko, pali Kwacha imene sikhala malo amodzi, ndiponso pali achibale.

Ine ndimagwira ntchito ya mu ofesi muno mu Lusaka, koma kwathu ndi ku Lundazi, chakwa Mwase. Malonda a zodzola ndimachita apambali. Msuweni wanga amene amakhala ku Joni ndiye amandigulira, mng'ono wanga amene ali pa boma ku Lundazi ndiye amapereka katundu kwa anthu ndi kutolera ndalama. Ogula athu si alendo. Ndi anzathu a kusukulu, azimai a kutchalitchi, alamu, anamwino ndi aphunzitsi odziwana ndi banja lathu. Chimene ndaona pa zaka zimenezi ndi chakuti phindu la malondawa silidalira kwenikweni mtengo umene waika pa botolo. Limadalira tsiku limene ndalama yabwerera m'manja mwako. Kuti zimveke, nditsegula buku langa pa katoni imodzi ya mu Julaye 2023.

M'katonimo munali mabotolo 48 a loshoni, lililonse la mamililita 400. Ndinasankha mtundu umene sunali kupezeka m'masitolo a ku Chipata, chifukwa palibe nzeru kuitanitsa kunja chinthu chimene munthu angakachitole yekha pa Shoprite ya ku Chipata. Sitolo yaikulu imabweretsa katundu pa thiraki yodzaza, iwe ndi kakatoni kako sungapikisane nayo. Mwezi umenewo randi imodzi inali pafupifupi K1, zimene zimapeputsa masamu athu. Mabotolo 48 pa marandi 60 anakwana marandi 2,880. Msuweni ndinampatsa marandi 300 a takisi ndi thukuta lake, pakuti kuyenda m'mahoselo a m'tauni ya Joni utanyamula katoni si ntchito yoti munthu akugwirire ulere chaka chonse. Onyamula katundu pa basi amalipiritsa poyeza pa sikelo. Loshoni ndi wolemera, ndi madzi amene uja, ndiye katoniyo inakwana makilo 22, pa marandi 25 kilo imodzi, kukhala marandi 550. Katundu asanachoke n'komwe ku Joni, marandi 3,730 anali atapita.

Kenako pali za pa malire. Basi ikhoza kudzera ku Beitbridge n'kulowa pa Chirundu, kapena kudzera ku Botswana n'kuoloka pa mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021, koma kulikonse a ZRA alipo. Iwo sawerengera mtengo wa m'sitolo wokha, amaonjezapo ndi ndalama yonyamulira katunduyo. Pa katundu wopangidwa kale msonkho wolowetsera umafika 25 peresenti, ndipo VAT ya 16 peresenti imakwera pamwamba pa zonsezo, msonkho woyambawo uli momwemo. Anthu ena amati katundu wa ku South Africa salipira chifukwa tonse tili mu SADC. Zimenezo zimagwira ntchito kwa amene ali ndi chikalata chotsimikiza kuti katunduyo anapangidwadi kumeneko, ndipo risiti la m'hoselo si chikalata chimenecho. Gawo langa pa ulendo umenewo linali K1,500. Wonyamula katundu akakuuza kuti za pa boda zili kale mu mtengo wake, umufunse pepala losonyeza kuti zalipiridwa. Ngati alibe, dziwa kuti katoni yako ikuyenda mwamwai, ndipo tsiku limene idzagwidwe iye adzangokutumizira uthenga wopepesa.

Zotsalazo ndi zing'onozing'ono zimene anthu salemba. Kutumiza ndalama ku Joni kunandidyera K150, kuphatikiza cholipira ndi kusiyana kwa mtengo wosinthira. Takisi yokatenga katoni ndi kuipereka ku basi ya kum'mawa pa Intercity inali K100. Basi ya ku Lundazi inatenga K150 pa ulendo wa makilomita opitirira 700 uja, wodutsa pa mlatho wa Luangwa, Nyimba, Petauke, Katete, mpaka kukhotera kumpoto pa Chipata. Mnyamata wa njinga amene anaichotsa pa siteshoni kupita nayo kwa mng'ono wanga analandira K20. Zonse pamodzi zinakwana K5,650.

Ndalama imeneyi sindinaigawe pa mabotolo 48. Limodzi linafika litatayika, chotsekera chitamasuka ndi kutentha kwa pansi pa basi ndi kupanikizika ndi matumba a anthu. Awiri anali mphatso, ndipo za mphatsozi ndinena bwino kutsogoloku. Otsala ogulitsa anali 45. Ukagawa K5,650 pa 45, botolo la marandi 60 lija lasanduka la K126 lisanaone wogula. Mng'ono wanga amatenga K10 pa botolo lililonse limene wagulitsa. Choncho pa mtengo wa K170, zolowa zonse zinali K7,650, kuchotsa K450 ya mng'ono wanga, ine ndinatsala ndi K7,200. Phindu la m'buku linali K1,550. Si loipa kwa munthu amene ali ndi malipiro ena, koma taonani kutalikirana kwake ndi K110 pa botolo imene mutu unalonjeza.

Tsopano apa ndi pamene pagona nkhani. Amene amatsata za ndalama akumbukira chaka chimenecho. Mu Juni 2023, pamene Zambia inagwirizana ndi maiko amene inawakongola pa za kusintha kabwezedwe ka nkhongole, Kwacha inalimba, dola imodzi inatsika pansi pa K18. Sizinakhalitse. Pofika kumapeto kwa Disembala dola inali itapitirira K25, ndipo randi imene inali K1 mu Julaye inali pafupifupi K1.40. Ku Joni mtengo wa loshoni sunasinthe. Chimene chinasintha ndi mphamvu ya ndalama imene ogula anga amandilipira.

Tiwerengere katoni yomwe ija pa mtengo wa mu Disembala. Marandi 3,730 akukhala K5,200 ndi kanthu. Msonkho umatsatira mtengo wa katundu, ndiye K1,500 ija ikukwera kufika cha pa K2,100. Ukaonjeza kutumiza ndalama, takisi, basi ndi njinga, katoni ikufuna pafupifupi K7,800. Munthu amene anagulitsa mabotolo onse 45 mu Ogasiti koma ndalama n'kumaliza kutolera pa Khirisimasi, ali ndi K7,200 m'manja. Palibe amene wamubera. Aliyense walipira mpaka ngwee yomaliza. Buku lake likuti wapindula K1,550. Koma akafuna kudzazanso shelefu, akupeza kuti zikupereŵera ndi K600. Wagwira ntchito miyezi isanu kuti katoni yake ichepe.

Izi si nthano. Mnzanga wina amene tinkaphatikiza katundu pa basi imodzi zinamuchitikira chaka chomwecho. Iye amagulitsa kwawo m'boma lina la kum'mawa komweko, ndipo ankapereka katundu kwa aliyense womudziwa, kuti adzalipire akadzapeza. Anthu ake sanali akuba, ambiri analipiradi. Koma pa oda ya mu Januwale anaitanitsa theka la katoni, pa yotsatira sanaitanitse n'komwe. Akafunsidwa amati malonda a zodzola alibe phindu. Phindu linalipo, linangosungunukira m'miyezi yodikira.

Ine ndalama ya katoni ija inakwana pakati pa Seputembala, randi itangokwera pang'ono kufika cha pa K1.10. Katoni yotsatira inandidyera pafupifupi K6,200. Ndiye phindu lenileni, limene ndikanatha kudya popanda kuluma mpamba, linali K1,000 osati K1,550. Umu ndi mmene ndimawerengera nthawi zonse: chimene chatsala nditagulanso katundu wofanana ndi amene ndagulitsa, chimenecho ndiye changa. Zinanso zonse ndi za katoni.

Funso ndi lakuti ndalama ungaibweze bwanji msanga kuchokera kwa anthu amene sungawatumire wapolisi, anthu amene adzakhala nawe pa mphasa imodzi pa maliro a mawa. Njira yanga yoyamba ndi yakuti anthu amalipira theka katundu asanagulidwe. Mng'ono wanga amaika zithunzi pa WhatsApp, amanena tsiku lotseka oda, ndipo wofuna botolo amatumiza K85 pa foni. Pa katoni ya mu Julaye anthu 30 anachita zimenezo, kukhala K2,550, pafupifupi theka la mpamba wonse. Theka linalo amalipira tsiku lotenga katundu, dzanja lina kupereka, lina kulandira. Ndalama ya chikole sindiisunga nthawi yaitali. Oda ikatsekedwa Lachisanu, pofika Lolemba yasanduka marandi. Munthu akakupatsa theka, mtengo wamangika, sungabwererenso kwa iye kuti dola yakwera. Tsiku lililonse limene ukusunga Kwacha yake, ngozi ya kusintha kwa mtengo ili pa iwe.

Chikole chili ndi ubwino wina. Chimakuuza zoona za chimene anthu akufuna. Pa chithunzi aliyense amalemba kuti "nisungileko." Amene watumiza K85 ndi amene akufunadi. Chimakumanganso iwe wogulitsa, pakuti ndalama ya mlamu wako ili m'manja mwako. Basi ikachedwa pa boda umayenera kunena tsiku lomwelo, ndipo botolo la munthu likatayika umamubwezera ndalama yake yonse kapena kumpatsa lina, popanda kukangana. Ku Lundazi boma ndi laling'ono. Ukadya chikole cha munthu mmodzi, pa msika adzadziwa dzuwa lisanalowe.

Njira yachiwiri ndi kudziwa kalendala ya ndalama ya kwathu. Mu Lusaka ndalama imayenda ndi mwezi, ku Lundazi imayenda ndi chaka. Anthu amakolola kuyambira mu Epulo, ndipo kuyambira cha mu Juni mpaka Seputembala soya, nshawa, mpendadzuwa, thonje ndi chimanga zimasanduka ndalama. Nyengo imeneyo ngakhale amene salima amamva, chifukwa wa saluni, wa kantemba ndi telala onse amadya kwa mlimi. Mwamwai ndi nyengo yomweyo ya mphepo yozizira ndi fumbi, pamene miyendo imatuwa, milomo imang'aluka, ndipo loshoni salira kumulalikira. Kuyambira Okutobala ndalama imathamangira ku feteleza ndi mbewu. Mu Disembala pamakhala kadzuwa kakafupi ka Khirisimasi ndi maukwati, pamene pafyumu ndi zopaka kumaso zimayenda. Januwale ndi wa mayunifomu, nsapato ndi mabuku. Febuluwale ndi wa ufa basi.

Choncho katoni zazikulu ndimaitanitsa pakati pa Juni ndi Seputembala, ina yaing'ono kumayambiriro kwa Disembala. M'miyezi ya dzinja ndimangobweretsa zimene zalipiridwa kale theka, ndipo ogula ake amakhala a malipiro a pamwezi, aphunzitsi, anamwino, apolisi. Katundu ndimayesetsa kuti afike sabata ya malipiro, osati pakati pa mwezi. Botolo likafika pa 12, wogula amanena moona mtima kuti adzalipira pa kutha kwa mwezi, koma pofika tsikulo pamzere pali kale wa nyumba, wa kaloba ndi wa chilimba, ndipo iwe wa mafuta uli kumapeto. Mu 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, ndinadziwiratu kuti chaka chimenecho m'minda yambiri simudzachoka ndalama ya zodzola. Ndinachepetsa oda ndi theka, ndinasiya mapafyumu odula, n'kutsala ndi mafuta a tsiku ndi tsiku.

Njira yachitatu ndi imene imavuta, chifukwa siikhudza masamu okha. Ankhazi anga, mlongo wawo wa atate, ndi amene anandilipirira sukulu ya sekondale atate atamwalira. Anagulitsa ng'ombe chifukwa cha ine. Atamva kuti katundu wafika, anauza mng'ono wanga kuti awapatse mabotolo atatu, limodzi lawo, awiri a azipongozi awo, adzalipira akalandira ndalama ya chimanga. Mng'ono wanga sakanatha kuwayankha. Anangondiimbira.

Munthu wotere sungamuuze kuti malamulo a bizinesi salola. Komanso ukalemba dzina lawo m'buku la nkhongole, wadzipangira chilonda. Sudzalimba mtima kuwakumbutsa, iwo adzayamba kukupewa chifukwa cha manyazi, ndipo K510 idzaima pakati pa inu ngati chitsa. Ndinawaimbira ndekha madzulo. Titalonjerana ndi kufunsana za kumunda, ndinati, "Ankhazi, limodzi ndi lanu, ndakupatsani ine mwana wanu, musatchulenso za ndalama. Awiriwo ndi a katoni, ndipo katoni si yanga ndekha, muli ndalama za anthu amene analipira kale. Alamu akafuna, apereke theka ngati anzawo, ndiwasungira." Anakhala chete pang'ono, kenako anaseka n'kuti, "Iwe mwana, wachenjera ngati awuso." Mpongozi mmodzi anatumiza K85 sabata yomweyo, winayo anati adzaona ulendo wina.

Ichi ndi chifukwa chake mabotolo awiri aja, la amai ndi la ankhazi, ndimawalowetsa mu mtengo kuyambira pachiyambi, monga mmene ndimalowetsera basi ndi msonkho. Akuluakulu amati kupatsa n'kuika, ndipo nzoona. Mphatso imatha tsiku lomwelo, munthu amathokoza, nkhani yatsekedwa. Nkhongole ya pachibale siitha, imangosintha dzina. Kwa munthu amene sindingathe kumulonjerera ndalama, ndili ndi njira ziwiri zokha: kumupatsa, kapena kumuuza mwaulemu kuti sizitheka. Njira yapakati, ya "tengani mudzalipira," ndi imene imapha mpamba ndi chibale pamodzi.

Sikuti nkhongole kulibiretu. Pa katoni iliyonse ndimalola mabotolo osapitirira asanu kutuluka osalipiridwa onse, kwa anthu a malipiro amene analipirapo bwino kale, ndipo malire ake ndi kutha kwa mwezi womwewo. Mng'ono wanga amalemba dzina, tsiku ndi ndalama yotsala, wotengayo akuona. Asanuwo akakwana, wachisanu ndi chimodzi amauzidwa kuti malo atha, adikire wina alipire. Zimenezi zimathandiza mng'ono wanga, chifukwa sakana munthu ndi pakamwa pake, buku ndi limene limakana. K10 yakenso amalandira pa botolo limene ndalama yake yalowa yonse, osati limene langotuluka m'nyumba. Ndiye akamayenda pa msika maso ake amakhala pa otsala.

Pali katundu mmodzi amene angathetse mavuto onsewa, ndipo aliyense wochita malondawa amamudziwa. Mafuta oyeretsa khungu safuna chikole, safuna kalendala. Ndi opepuka pa sikelo, amagulidwa kashi, ndipo wogula amabweranso mwezi uliwonse chifukwa akasiya khungu limabwerera, nthawi zina kuda kuposa kale. Miyezi yambiri pamakhala wina wondilembera mobisa kuti ndimubweretsere "aja ochotsa mdima." Sindibweretsa.

M'mafuta amenewa nthawi zambiri mumakhala chimodzi mwa zinthu zitatu. Choyamba ndi haidrokwinoni, amene akapakidwa nthawi yaitali amatha kusiya zigamba zakuda ngati mwaye m'masaya, zovuta kwambiri kuchotsa. South Africa inaletsa mankhwalawa m'zodzola mu 1990, ndiye botolo lotere likapezeka pa msika wa ku Joni, ndiye kuti lalowa ndi njira ya kuseri. Chachiwiri ndi masiteroidi amphamvu monga klobetasolo, amene ndi mankhwala a matenda a pakhungu ofunika kulembedwa ndi dokotala. Amapyapyalitsa khungu mpaka timitsempha kuonekera, amabweretsa ziphuphu ndi mizere yong'aluka, ndipo bala limachedwa kupola. Chachitatu ndi mekyuri, amene amalowa m'thupi, kuwononga impso, ndipo amatha kufika kwa mwana ali m'mimba. Opanga ambiri salemba zimenezi pa botolo. Zizindikiro zake ndi lonjezo la kuyera m'masiku ochepa, kachubu kooneka ngati ka kuchipatala, kapena mafuta osakanizidwa pamanja m'kabotolo kopanda dzina la wopanga.

Wogulitsa pa msika wa mu Lusaka akagulitsa zotere, wogula amakwera minibasi, saonananso. Ine wogula wanga ndidzamuona pa chinkhoswe, pa ubatizo, pa maliro, zaka makumi zikubwerazi. Nkhope yake ikaonongeka, amai anga ndi amene adzayankhe mafunso pa chitsime. Ndalama yobwera msanga imeneyo mtengo wake ndi wotere.

Chifukwa chomwecho ndimasamala ndi katundu wabodza, amene ndi wochuluka m'misika yaikulu kulikonse. Msuweni amagula m'mahoselo opereka risiti, ndipo asanalipire amanditumizira zithunzi za pansi pa botolo. Timaona nambala ya gulu lopangidwira pamodzi: pa katundu wa m'bokosi, nambala ya pa bokosi ifanane ndi ya pa botolo, ndipo isafufutike ukapaka chala. Timaona tsiku lotha ntchito, chifukwa mahoselo amatsitsa mtengo wa katundu wotsala miyezi yochepa, ndipo botolo lotere likachedwa pa msewu n'kukhalanso pa shelefu ku Lundazi m'kutentha kwa Okutobala, limafika kwa wogula litayamba kulekana, mafuta pamwamba, madzi pansi. Mtengo ukatsika kwambiri kuposa wa m'masitolo odziwika, timausiya. Zotsekera zonse amazimata ndi tepi, mabotolo amaima chilili, ndipo katoni imakulungidwa m'pulasitiki. Ndi ntchito ya theka la ola imene imapulumutsa mabotolo a K126.

Mwina wina afunsa ngati K1,000 pa katoni ikuyenera mavuto onsewa. Zimadalira kuti katoniyo imazungulira kangati. Mpamba womwewo wa K6,000 ukapita ndi kubwera kanayi pa chaka, wabala K4,000, mng'ono wanga wapezapo pafupifupi K1,800 yake, msuweni wadyapo marandi ake, ndipo mpamba ukadali wamoyo. Ukazungulira kamodzi, m'chaka chimene Kwacha ikugwa, wachepa. Kwacha ikamalimba, monga inachitira mu Ogasiti 2021 pambuyo pa masankho, vuto limatembenuka: amene wasunga katundu wogula modula amapeza mnzake wabweretsa watsopano wotchipa, ndipo amakakamizika kutsitsa mtengo. Mbali zonse ziwiri wolangidwa ndi wochedwa. Katundu akakhalitsa pa shelefu, kapena ndalama ikakhalitsa m'matumba a anthu, msika umasuntha iwe utaima.

N'chifukwa chake sindifulumira kukulitsa. Anthu amandiuza kuti ndiitanitse makatoni asanu, nditsegule shopu pa boma. Koma anthu a ku Lundazi amene angatulutse K170 pa loshoni ali ndi malire, ndipo botolo la mamililita 400 limatha miyezi iwiri kapena itatu. Ndikabweretsa mabotolo 200, oyamba 45 adzapita kashi, otsalawo adzayamba kundinyengerera kuti ndiwapereke pa nkhongole kuti achoke m'nyumba. Katundu wochuluka ndi amene amaphunzitsa munthu kukongoza. Kuli bwino anthu awiri atsale akudandaula kuti atha, alembetse msanga ulendo wina.

Kwa amene akufuna kuyamba, nayi ntchito ya madzulo amodzi. Tenga pepala, lemba chinthu chimodzi chokha chimene ukufuna kubweretsa, ndipo usanafunse mtengo wake ku Joni, ku Dar es Salaam kapena ku Dubai, funsa kaye kulemera kwake. Lemba ndalama iliyonse kuyambira m'hoselo mpaka pa njinga ya pa siteshoni. Chotsa mabotolo amene adzatayike ndi amene ukudziwa mumtima kuti sudzawalipiritsa, utchule maina awo. Gawa. Kenako werengeranso zonse ngati randi yakwera ndi 20 peresenti, uone ngati mtengo wako ungagulenso katoni ina. Pomaliza lemba maina a anthu amene angakutumizire theka sabata ino, osati amene angayamikire chithunzi. Akakwana makumi awiri, itanitsa. Akakhala asanu, itanitsa za asanuwo, uphatikize ndi katundu wa mnzako, uone kuti ndalama ibwera tsiku liti.